Sewero la mbuzi zitatu limene linandikhazika pamphasa kwa amfumu

Kwathu ndi ku Ntcheu, ndinakulira mu CCAP, ndipo ku Mangochi ndinabwera chifukwa cha ntchito. Sukulu imene ananditumizako ili kutsidya kwa Shire, ukawoloka mlatho wa pa boma n'kuyenda ndithu pa kabaza. M'kalasi langa la sitandade 7 munali ana 104. Akhristu sanali kukwana 20, ena onse Asilamu, ndipo kunyumba ambiri amayankhula Chiyao. Pogawana maphunziro anzanga anandikankhira phunziro la zipembedzo, ati ndine woimba kwaya. Ndinalandira mosekerera.

Teremu yoyamba, mwezi wa Okutobala, tinafika pa mutu wa kuthetsa mikangano. Phunziroli limafuna kuti ana amve zimene Chikhristu, Chisilamu ndi chipembedzo cha makolo zimaphunzitsa. Kulemba zonsezo pabolodi, kunja kukutentha chonchija, ana akuwodzera, ndinaona kuti n'kutaya choko. Ndinaganiza zolemba sewero. Ahedi anakondwera, nati tikalikonza bwino tidzalionetse pa msonkhano wa makolo kumapeto kwa teremu.

Nkhani yake sindinavutike nayo. Nyengo imeneyo mbuzi zimakhala zomasula chifukwa anthu akolola, pamene madimba ndiye ali pachimake. Mbuzi zitatu zalowa m'dimba la tomato, zadya. Mwini dimba akufuna malipiro, mwini mbuzi akukana. Ndinalemba usiku uwiri m'kope, pa nyali ya sola, osafunsa munthu. Mpaka lero nkhani ya mbuziyo ndimaiona kuti inali yabwino. Zimene ndinaikulungiramo ndizo zinandipweteka.

Mwini mbuzi ndinamupanga Msilamu, mwini dimba Mkhristu. M'mutu mwanga ndinkati zikatero kugwirana chanza kwa kumapeto kudzakoma. Aliyense ndinamupatsa mtsogoleri wake, uyu shehe, uyu mkulu wa mpingo. Mbali ya makolo ndinaikapo sing'anga wa nsupa ndi litchowa, woti aziwombeza kuti mbuzi zolakwa ndi za yani. Ndiye panali kachigawo kamene ndinkanyadira kwambiri. Ndinali nditamva kuti m'Kurani muli nkhani ya Davide ndi Solomo, amene Asilamu amati Daudi ndi Sulaimani, akuweruza mlandu wa ziweto zimene zinadya m'munda wa eni. Ndinati basi, apa ndapeza pokomana tonse. Ndinalemba kuti shehe akayamba kufotokoza, anyamata awiri atuluke atavala zisoti zachifumu za katoni, achite nkhaniyo anthu akuona. Ku Sande sukulu tinkachita choncho, ine ndemwe ndinakhalapo Solomo wogwira lupanga la bango.

Tsiku loyamba kuyeserera, mnyamata amene ndinamusankha kukhala Sulaimani anakana. Ndi mwana wofatsa, wanzeru, amene masana amathandiza mwalimu kumadarasa. Anangoti, "Sala, ine zimenezo ayi." Nditafunsa chifukwa, anayang'ana pansi. Ndinaganiza kuti ndi manyazi, ndinam'kalipira pang'ono n'kusankha wina, wokonda nthabwala, amene anavala chisoticho akuvina. Mukadzaona mwana wofatsa akukana gawo m'sewero la zachipembedzo, musachite ngati ine. Mutengereni pambali, mufunseni m'chinenero chake, kapena tumani mphunzitsi mnzanu wa chipembedzo chake. Ine yankho lonse linali pamaso panga tsiku lomwelo, ndinalipondereza.

Tinayeserera katatu. Kachiwiri komwe kalasi linali litagawika kale. Mwini mbuzi akayankhula, ana makumi asanu ndi atatu akuwomba m'manja. Mwini dimba akatsegula pakamwa, akumukuwiza, ndipo kagulu ka Akhristu kakubwezera. Mkulu wa mpingo akawerenga vesi, shehe ankayankha ngati akubweza chigoli. Sing'anga ndiye anali woseketsa anthu, akudzigwetsa pansi, kutembenuza maso. Ine ndinkati kalasi lachangamuka. Pa buleki ya tsiku lachitatu atsikana awiri anamenyana pa mjigo, wina atanena mnzake kuti anthu a kwanu ndinu odyetsa mbuzi m'minda ya eni.

Lolemba lotsatira m'kalasi munabwera ana 61. Lachiwiri 55. Lachitatu m'mawa ahedi anandiitana, ndipo mu ofesi ndinapeza wapampando wa komiti ya sukulu atakhala, chipewa chili pabondo. Mawu anali ochepa. Kumudzi kwamveka kuti aphunzitsi a ku Ntcheu akuvinitsa ana monyoza aneneri. Kwamvekanso kuti sewerolo likunena mabanja awiri enieni, amene mbuzi zawo ndi dimba lawo zinawayambanitsa chaka chathacho, ndipo mwatsoka mmodzi analidi Msilamu, wina Mkhristu. Ine mlanduwo sindinkaudziwa. Koma ndani akanandikhulupirira, mdzukulu wa banja limodzi ali m'kalasi momwemo?

Ahedi sanandikalipire. Anandikumbutsa kuti nkhani za chipembedzo pasukulu si zoseweretsa m'dziko muno. M'chaka cha 2000 boma litafuna kuchotsa phunziro la Baibulo ku sekondale kuti pakhale la zipembedzo zingapo, mipingo inakana mpaka maphunziro onse awiri anatsala. Nkhani ya hijabu m'sukulu za mipingo inachita kutengera bungwe la zipembedzo zosiyanasiyana la PAC kukhazika pansi atsogoleri, n'kusainirana mu 2021. "Ndiye inu aphunzitsi," anatero, "mwabwera ndi zisoti za katoni." Ndinatuluka miyendo ikunjenjemera. Usiku umenewo ndinalemba kalata yopempha kusamutsidwa. Mayi a kunyumba anaiwerenga, anaipinda, anaiika pansi pa bokosi la zovala, nati, "Bambo, mukathawa ndiye mwavomera kuti munachita dala."

Amfumu anatiitanitsa Loweruka. Ndinagula tambala pa msika, ndipo mphunzitsi mnzanga Msilamu anandichenjeza kuti ndipite naye wamoyo, eni akazinge okha. Ndalama ya tambalayo ndi ya kabaza wa maulendo otsatira inadya gawo la malipiro limene ndinasungira feteleza wa kumudzi. Pabwalo panali amfumu, nduna ziwiri, ashehe, mkulu wa mpingo wa Angilikani, a komiti, ndi gogo wina wachizimayi amene ndinauzidwa kuti ndi nankungwi. Ine anandiyalira mphasa.

Ashehe anayamba ndi kundifunsa kumene ndinaimva nkhani ya Daudi ndi Sulaimani. Nditayankha, anagwedeza mutu kuti nkhaniyo ilimodi, m'sura 21, ya aneneri, ndime 78 ndi 79. Kenako anati, "Aphunzitsi, kwa inu awa ndi mafumu. Kwa ife ndi aneneri a Mulungu. Mneneri sitimujambula, sitimuvala, sitimuyesezera mawu. Tikamutchula timamupempherera mtendere. Mwana wanga anakana, munam'kalipira." Apo ndi pamene ndinadziwa kuti mnyamata uja anali mwana wa mlongo wawo. Ndinalibe choyankha. Ndinapepesa, nduna inalandira tambala.

Gogo uja anayankhula pomaliza, kudzera mwa womasulira, ndipo mawu ake anandilasa kuposa a ashehe. Anati iye wakhala pa milandu ya mbuzi chiyambire utsikana wake, sanaonepo mlandu wa mbuzi ukupita kwa sing'anga. Mbuzi zimasiya mapazi ndi ndowe, mboni zimakhalapo, amfumu alipo. Anafunsa kuti bwanji Akhristu ndawapatsa buku, Asilamu buku, koma makolo ndawapatsa munthu wogwa khunyu. Anthu anaseka, ine sindinaseke.

Ndinkayembekeza kuti anena kuti sewerolo lithe. Amfumu ananena zina. Anati ana akamva kuti sewero laletsedwa, adzatenga phunziro loti Msilamu ndi Mkhristu sangakambe mlandu pamodzi, pamene m'mudzi mwawo amakamba sabata ndi sabata. Analamula kuti ndilembenso, koma ndizipita kwa ashehe, kwa mkulu wa mpingo ndi kwa gogoyo, aliyense aone mawu amene ndaika m'kamwa mwa chipembedzo chake. Zinanditengera milungu itatu ndi maulendo asanu ndi awiri. Ana anabwerera pang'onopang'ono, ashehe atalengeza mumzikiti Lachisanu kuti nkhani yatha. Atatu sanabwerere teremu yonseyo, ndipo mmodzi mwa iwo sindinamuonenso pasukulu. Zifukwa zosiyira sukulu kunyanja n'zambiri, koma ine ndimadziwa tsiku limene anayamba kujomba.

Kulembanso kuja n'kumene kunandiphunzitsa ntchito. Choyamba ndinachotsa chipembedzo pa anthu okanganawo. Onse awiri ndi amayi oyandikana nyumba, sewero silinena kumene amapemphera, ndipo sindinawapatse mayina, amangotchedwa Mwini dimba ndi Mwini mbuzi, kuopa kuti dzina lingagwere banja lina. Kukhala akazi okhaokha kunathetsanso kavuto kena kamene sindinakaganizire, koti makolo ena sakanakondwa kuona mtsikana wamkulu akugwirana chanza ndi mnyamata pagulu. Tomato ndinamusiya, koma nambala ya mbuzi ndi malo a dimba ndinafunsa nduna kuti zisafanane ndi mlandu wa chaka chatha.

Chachiwiri chinali chovuta. M'sewero loyamba ziphunzitso zinkapikisana pa funso limodzi, loti wolakwa ndani, ndiye panayenera kukhala chipembedzo chopambana. Nditakhala ndi akuluakulu aja ndinazindikira kuti mlandu wa pabwalo uli ndi mafunso angapo otsatizana. Kodi nkhaniyi yafika pano m'njira yake? Kodi zimene tamvazi n'zoona? Amene anayenera kusamala ndani? Alipire chiyani? Nanga mawa adzapatsana moni? Chiphunzitso chilichonse ndinachiika pa funso limene chikuyankha bwino, ndipo olankhula sali kumbali ya wina aliyense, onse ndi aphungu a amfumu. Sindinawatchenso shehe kapena mbusa. Ndi anthu a m'mudzi atatu, wina amadziwa za kumzikiti, wina za kutchalitchi, wina za makolo. Mwana aliyense anayankhula za chipembedzo chake, ndipo palibe anavala mkanjo kapena kolala yobwereka.

Pa nkhani ya nthawi m'pamene sewero linapezera msana. Gogo uja anandiuza kuti mwambo wa m'mudzimo ndi woti dzinja mbuzi zimamangidwa, ikadya chimanga mwini alipira. Koma anthu akakolola amfumu amalengeza kuti ziweto zimasulidwe, ndipo kuyambira pamenepo wolima dimba amange mpanda. Mkulu wa mpingo anandiwerengera Eksodo 22:5, pamene pamanena kuti wolekerera chiweto chake kudya m'munda wa mnzake abweze kuchokera pa zokoma za m'munda mwake. (M'Mabaibulo ena vesi lomweli ndi 22:4, ndiye muuzeni mwana asadabwe.) Awiriwa akuoneka ngati akutsutsana: wina akuti dimba linayenera mpanda, wina akuti mwini chiweto alipire. Nditapita nazo kwa ashehe, anamwetulira. Anati ndime ya m'Kurani ija imanena kuti ziwetozo zinalowa m'mundamo usiku, ndipo pali hadisi, nkhani ya zimene Mtumiki Muhamadi ananena ndi kuchita, yokamba za ngamira ya Bara mwana wa Azibu imene inawononga munda wa munthu, pamene Mtumiki anagamula kuti masana eni minda alondere minda yawo, koma usiku eni ziweto asunge ziweto zawo. Gogo nditamuuza zimenezi anawomba m'manja, nati ndi momwemo, mbuzi yomasula masana imagona m'khola usiku. Basi mlandu wonse unatsamira pa funso loti mbuzizo zinalowa nthawi yanji, ndipo ana anakhala ndi chinthu chenicheni choti afufuze.

Nachi chigawo chapakati monga tinachitira. Chisanafike, Mwini dimba wabwera akulira kuti mabedi 6 mwa mabedi 20 adyedwa, akufuna mbuzi zonse zitatu.

AMFUMU: Mayi, musanabwere kuno, munapita kwa mnzanuyu?

MWINI DIMBA: Ndikapite kukatani, amfumu? Ndinangoima pa mjigo n'kuuza anthu kuti aone zimene wandichita.

PHUNGU WOYAMBA: Zikomo amfumu. Ife kutchalitchi timaphunzira pa Mateyu 18, vesi 15 mpaka 17, kuti mbale wako akakulakwira uyambe wapita kwa iye muli awiri. Akakana, utenge mmodzi kapena awiri. Gulu limabwera pomaliza. Mayiwa ayambira kumapeto.

PHUNGU WACHITATU: Ndi mmenenso makolo ankachitira. Ya pakhomo imayamba ndi eni mbumba, ikakanika ndiye ifike pabwalo.

MWINI MBUZI: Mwamva? Wandichititsa manyazi. Komanso mbuzi si zanga zokha m'mudzi muno.

MWINI DIMBA: Ndi zako! Anandiuza mwana wa achimwene.

AMFUMU: Iye anaziona?

MWINI DIMBA: Anamva kwa anzake.

PHUNGU WACHIWIRI: Zikomo amfumu. Kumadarasa timaphunzira m'sura 49, ndime 6, kuti munthu wosadalirika akabwera ndi nkhani tiyambe taifufuza, kuopa kupweteka anthu mosadziwa kenako n'kumanong'oneza bondo. Aitanidwe amene anaona ndi maso.

MSODZI: Ndine, amfumu. Ndimachokera kunyanja, azana ya m'bandakucha isanamveke. Ndinaona mbuzi zitatu m'dimbamo, ina yoyera yothyoka nyanga. Ndinaziingitsa. Zinatulukira pamene mpanda unagwa.

AMFUMU: Yothyoka nyanga ndi ya yani?

MWINI MBUZI: (chamunsi) Ndi yanga. Chitseko cha khola chinathyoka sabata yatha.

AMFUMU: Nanga mpandawo unagwa liti?

MWINI DIMBA: (chamunsi) Mwezi watha.

Pamenepa timaimitsa sewero. Iyi inali nzeru ya mphunzitsi mnzanga Msilamu uja, osati yanga. Amfumu amatembenukira kwa owonera n'kufunsa kuti aweruze bwanji, ndipo kalasi limakambirana m'magulu a benchi ziwiriziwiri kwa mphindi zisanu. M'kalasi la ana 104 ochita sewero ndi 8 okha, otsalawo ukapanda kuwapatsa ntchito amadzipatsa okha, ndipo ntchito imene amadzipatsa ndi yokuwiza. Nditawasandutsa anthu a pabwalo, phokoso lija linasanduka mkangano wa mpanda ndi khola. Gulu lina linati mwini dimba asalandire kanthu poti mpanda unali wogwa. Mtsikana wina, yemwe uja anamenyana pa mjigo, anaimirira nati, "Sala, mpanda ukanakhala wabwino mbuzi sizikanalowa, koma khola likanakhala lotseka sizikanafika n'komwe pampandapo." Kalasi linakhala chete kamphindi.

Chigamulo tinachiwerengera ndi manambala, chifukwa ana a kunyanja amadziwa kugawana nsomba ndipo chigamulo chongoti "khululukiranani" amachiseka. M'sewero bedi limodzi limatulutsa mabeseni 2, ndiye mabedi 6 ndi mabeseni 12. Mbuzi zinalowa usiku, choncho mlandu waukulu ndi wa mwini mbuzi. Koma mpanda unagwa kwa mwezi, choncho amfumu akuchotsapo gawo limodzi mwa magawo atatu. Atsala mabeseni 8. Mwini mbuzi alibe ndalama, ndipo apa Phungu wachiwiri amafotokoza ndi pakamwa, atakhala pansi, popanda chisoti, nkhani ya Daudi ndi Sulaimani, mtendere ukhale pa iwo. Ashehe anandiuza kuti ndisiyanitse bwino: Kurani imanena kuti awiriwa anaweruza za mundawo ndipo Mulungu anam'zindikiritsa Sulaimani, koma tsatanetsatane wake amachokera kwa omasulira. Iwo amati Daudi anagamula kuti ziweto zipite kwa mwini munda, pamene Sulaimani anati mwini munda asunge ziwetozo azipindula nazo, mwini ziweto akonze mundawo mpaka ubwerere mwakale, kenako aliyense atenge chake. Choncho mwana amati "akuluakulu omasulira amatiuza", osati "Kurani ikuti". Kasiyanidwe kameneka ine ndikanakadumpha.

Potengera pamenepo amfumu amagamula kuti mbuzi zisalandidwe. Mwini mbuzi agule mbande, abzale mabedi 6 aja, athire manyowa a m'khola mwake, azithirira mpaka tomato atacha. Phungu woyamba amakumbutsa za Eksodo, kuti zikhale mbande zabwino osati zotsalira, ndipo zokolola zikapanda kukwana mabeseni 8 awonjezere ndi mwana wa mbuzi. Mwini dimba amange mpanda sabata yomweyo, komanso apepese chifukwa chonyoza mnzake pa mjigo. Phungu wachitatu ndiye amatseka. Gogo uja anandiuza kuti malipiro amabweza tomato, koma sabweza moni. Pafunika chipepeso, nkhuku yopita ndi eni mbumba, ndipo anthu adyere limodzi, chifukwa mlandu suwola, ukaukwirira osaumaliza adzaufukula ana. M'sewero nkhuku yathu inali ya nsanza, ndipo amayi awiriwo amamwera madzi m'chikho chimodzi.

Pali tinthu tina timene ndinaphunzira mochedwa. Mabuku oyera enieni sitinabwere nawo pabwalo. Kurani simagwiridwa mwachisawawa, munthu amayamba wadziyeretsa, ndipo sungaiike pafumbi pamene ana akuthamangathamanga. Pofuna kuti pasaoneke kukondera, Baibulo nalo tinalisiya, ndime zonse tinalemba pa timakadi m'Chichewa, ndi mawu ofotokoza tanthauzo amene eni anavomereza. Chiarabu m'sewero mulibe. Mwana akalakwitsa katchulidwe anzake amaseka, ndipo chosekedwacho chimakhala mawu opatulika. Mapemphero, azana, nyimbo za kwaya kapena kuthira nsembe sitinayesezere, azana imangotchulidwa ndi msodzi monga chizindikiro cha nthawi. Kuyeserera Lachisanu chakumasana ndinasiya, poti anyamata ambiri amakhala akuthamangira ku Juma. Ndipo piriyodi ya mphindi 35 siikwana kuti muchite sewero, mukambirane, mulembe. Ndinagawa pawiri, tsiku loyamba mpaka pamene amfumu afunsa owonera, tsiku lachiwiri chigamulo ndi kulemba m'makope.

Mudzadziwa kuti sewero lanu likupita kolakwika mukamva ana akunena "ife" ndi "inu" potchula ochita sewero. Nthawi yoyamba ija mawu amenewa ndinawamva tsiku lachiwiri. Nthawi yachiwiri ankati "wa mbuzi" ndi "wa dimba", ndipo Asilamu ndi Akhristu anali mbali zonse ziwiri, malinga ndi kuti kwawo amaweta kapena amalima. Chizindikiro china ndi kuseka. Kuseka msodzi amene akukokomeza kukula kwa chambo chimene anaphonya n'kwabwino, ndipo ndinamuwonjezera mizere dala kuti nthabwala zonse zithere pa iye. Kuseka kukagwera pa phungu amene akutchula chiphunzitso, imitsani pomwepo.

Sindinganene kuti onse anakhutira. Bambo wina wa mpingo wina anabwera kudzandiuza kuti mwana wake asachite nawo, chifukwa kuika Baibulo pamzere umodzi ndi zamakolo n'kusakaniza kuwala ndi mdima. Ndinamufotokozera kuti mwanayo sakupembedza, akungomva zimene anansi ake amakhulupirira. Sanasinthe maganizo. Mwanayo ndinamupatsa ntchito yowerengera mabeseni pabolodi, ndipo bambowo anavomera. Kumbali inayi mwalimu wina wachinyamata ankati ashehe achita kufewa. Ndi mmene zinakhalira, ndipo sindinayese kuwagonjetsa.

Pa msonkhano wa makolo, mu Disembala mvula itayamba kale, tinachitira pansi pa mtengo wa mango. Mnyamata uja anakana kukhala Sulaimani ndiye anali Phungu wachiwiri, ndipo anachita kundipempha yekha. Titafika poimitsa sewero, mwana wochita amfumu anatembenukira kwa makolo n'kufunsa kuti aweruze bwanji. Ndinkaganiza kuti akhala chete. Anayamba kukangana zenizeni, m'Chiyao, azibambo ena akuti gawo limodzi mwa atatu lachepa, mpanda wogwa mwezi wathunthu ndi theka. Amfumu enieni anachita kukweza ndodo kuti ana apitirize. Pomaliza anandiitana, nati, "Aphunzitsi, mabeseni 8 aja achuluka. Tomato wobzala mu Okutobala kumapeto amakumana ndi mvula, amagwidwa chiwawu, sangabereke ngati woyamba uja. Mukanati alipire ndi chimanga." Ndinatulutsa kope n'kulemba m'mphepete mwa tsamba, ndipo chaka chotsatira tinasintha mzere umenewo.